Momwe mungakonzere funso la mlandu wongopeka kuti ophunzira zamalamulo ayesererepo

Pa tchuthi, achinyamata a kuno ku Thyolo amene akuphunzira zamalamulo ku Zomba amabwera ndi zinthu ziwiri m'chikwama: manotsi achidule a zomwe aphunzitsi ananena, ndi timapepala ta zigawo za malamulo. Amaziloweza ndithu. Koma pa mayeso safunsidwa kuti alakatule gawo lakuti. Amapatsidwa nkhani ya munthu amene zamuvuta, n'kuuzidwa kuti amulangize. Ngati mukuthandiza wophunzira wotere, kapena muli pa gulu lowerengera limodzi, funso lotere mungathe kulipanga nokha. Ndikuonetsani ndi nkhani ya kuchotsedwa ntchito pa esiteti ya tiyi, poti ndi imene tonse kuno timaidziwa.

Yambani ndi lamulo, nkhani ibwere pambuyo. Ambiri amalakwitsa pomwepa: amapeka kaye nkhani yokoma, kenako n'kumasakasaka lamulo loti likwanemo. Tengani manotsi a phunziro limodzi lokha, muone kuti mphunzitsi anatchula zigawo ziti. Pa kuchotsedwa ntchito, mupeza Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000. Koperani zigawo zochepa, mawu ake enieni, kuchokera m'lamulo lenilenilo osati m'manotsi, chifukwa wolemba manotsi amasiya timawu tina pothamangira. Onetsetsaninso kuti buku lanu ndi latsopano, popeza lamuloli linasinthidwako mu 2010 ndi mu 2021.

Chachiwiri, dulani gawo lililonse m'tizidutswa. M'gawo 57 titengamo zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti bwana asachotse munthu popanda chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe lake, kuthekera kwake pa ntchito, kapena zosowa za kampaniyo. Chinacho n'chakuti, ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kuthekera, munthuyo ayambe wapatsidwa mpata wodziteteza pa zomwe akumunenera, pokhapokha ngati zinthu zili poti bwanayo sangayembekezeredwe kupereka mpatawo. Kamchira komalizaka ndi kamene kamasowa m'manotsi ambiri. Gawo 61 likuti udindo wopereka chifukwa uli pa bwana. Lembani tizidutswati kumanzere kwa pepala, kumanja musiye mpata.

Tsopano dzazani mpata uja: kachidutswa kalikonse kapeze chochitika chimodzi chokadzutsa. Nkhani yanga inatuluka motere.

Mayi Uje akhala akuthyola tiyi pa esiteti ina kwa nyengo zisanu ndi zitatu zotsatizana, miyezi isanu ndi umodzi nyengo iliyonse, ndipo amalandira K20,000 pa sabata. Tsiku lina pa sikelo, kalaliki anapeza miyala pansi pa dengu lawo. Kapitawo anawafunsa pamaso pa anthu kuti, "Mwachitiranji zimenezi?" Mayiwo sanayankhe, anangolira. Kapitawo anawauza kuti asadzabwerenso. Madengu onse amagona m'shedi imodzi yosakhoma. Padutsa masabata khumi. Alangizeni Mayi Uje.

Onani kuti palibe chiganizo chongokometsera. Miyala ikudzutsa nkhani ya chifukwa chomveka. Shedi yosakhoma ikubweretsa chikaiko choti mwina anaika miyalayo ndi wina, ndipo wophunzira akumbuke kuti wofunika kutsimikiza ndi bwana, osati mayiwo. Masabata khumi ndi a gawo 62, limene limapatsa munthu miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa zantchito wa m'boma. Mayiwa nthawi ikadalipo, koma yatsala pang'ono, choncho malangizo abwino awauze kuti afulumire.

Mtima wa funsoli uli pa mawu a kapitawo aja. Ndikanalemba kuti sanawafunse kanthu, yankho likanakhala la mzere umodzi. Ndikanalemba kuti anawaitanira ku ofesi ndi kalata n'kumva mbali yawo, likanakhalanso la mzere umodzi. Ndasankha chapakati dala. Woimira esiteti anena kuti anafunsidwa ndipo anasankha okha kukhala chete. Woimira mayiwo anena kuti funso loponyedwa pagulu, munthu asanadziwe n'komwe kuti ntchito yake ili pachiswe, ndiponso lonena kale kuti "mwachita", si mpata wodziteteza. Ine ndimaona kuti mbali ya mayiwo ndi yamphamvu, koma wophunzira amene sanatchule mbali inayo sindimupatsa malikisi onse. Funso lililonse likhale ndi malo amodzi otere, awiri akachuluka. Mukaika asanu, wophunzira amangogunda paliponse pang'onopang'ono osafika pansi.

Kenako ikani kamsampha kamodzi ka masamu. Gawo 63 limati chipukuta misozi chisachepere malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira zisanu, ndi a masabata awiri pa chaka kwa amene wapitirira zisanu koma sanapitirire khumi. Wophunzira wothamanga aona nyengo zisanu ndi zitatu, aziyesa zaka zisanu ndi zitatu, apeza K320,000. Koma gawo 43 limati kwa wantchito wa m'nyengo, wobwerera kwa bwana yemweyo motsatizana, timaphatikiza nthawi imene anagwiradi ntchito. Miyezi isanu ndi umodzi kasanu ndi katatu ndi miyezi 48, zomwe ndi zaka zinayi. Ndiye sabata imodzi pa chaka, K80,000. Amenewa ndi malire a pansi chabe. Khoti loona milandu ya apantchito lingapereke zoposa apa likaona momwe munthu wavutikira, komanso lili ndi mphamvu yolamula kuti abwezeretsedwe pa ntchito. Msampha wotere ndi wachilungamo pokhapokha ngati gawo 43 mwaliika pa pepala la zigawo lomwe mwapereka. Kumufunsa munthu lamulo lomwe sanaphunzire ndipo simunamupatse n'kumuzunza.

Musanapereke funso kwa aliyense, liyankheni nokha, muli ndi wotchi. Pa nkhani iliyonse tsatani njira imene amaphunzitsidwa: funso lalamulo ndi liti, lamulo likuti chiyani, likugwira bwanji pa zochitikazi, ndiye mapeto ake n'chiyani. Mukamayankha mupeza mabowo. Ine pa ulendo woyamba ndinaiwala kunena kuti nyengozo zinali zotsatizana, ndipo gawo 43 silikanagwira bwino. Mukadzipeza mukuti "tingoganiza kuti", dziwani kuti pali chochitika chimene mwasiya, bwererani mukachiike.

Gawani malikisi molingana ndi kulemera kwa nkhani. Pa 20, ine ndinapereka 8 pa mpata wodziteteza, 5 pa chifukwa chomveka ndi udindo wotsimikiza, 5 pa chipukuta misozi, 2 pa nthawi yodandaulira. Kungokopera gawo kusapatse munthu malikisi ambiri, popeza pepala lili patsogolo pake.

Mungakambirane nkhaniyi m'Chichewa, koma funso lomaliza lilembeni m'Chingerezi, chilankhulo cha mayeso awo, ndipo musagwiritse dzina la esiteti yeniyeni kapena la munthu wa m'mudzi mwanu. Mayankho akabwera, aoneni pamodzi. Onse akagwirizana pa chilichonse, funso linali lofewa. Onse akasochera malo amodzi, nthawi zambiri vuto ndi chiganizo chanu. Likayenda bwino, sinthani chinthu chimodzi chokha sabata yotsatira: nyengo zikhale khumi ndi ziwiri, zomwe ndi zaka zisanu ndi chimodzi, muone amene azindikire kuti tsopano ndi masabata awiri pa chaka, K240,000.