Chithunzi cha nthambi chikakana kulowa m'mutu

Mng'ono wanga ali Folomu 4 kuno ku Mchinji. Aphunzitsi a Bayoloje anawajambulira mutu wa kugaya chakudya m'thupi: pakati bwalo, nthambi kumwazikana mbali zonse. Poyang'ana chithunzicho ankachimva, koma polemba mayankho a MSCE ankangolumphalumpha, chifukwa chithunzi chotere sichinena poyambira.

Ndinamuuza kuti asakopere nthambi motsata kumene zakhalira papepala. Afunse kaye kuti mutuwo umayenda bwanji. Apa yankho n'losavuta: chakudya chimayamba m'kamwa, kummero, m'chifu, m'matumbo aang'ono, kenako aakulu. Imeneyi inakhala mitu yathu, 1 mpaka 5, ndipo pansi pa uliwonse tinalemba zomwezomwe: chimene chikugayidwa, chogayira, ndi chotulukapo. M'kamwa, mwachitsanzo, amilesi wa m'malovu amasandutsa sitachi kukhala maltosi.

Pamene panavuta ndi nthambi ya maenzaimu, zogayira chakudya monga amilesi uja. Inaima payokha, koma ana ake ndi a malo osiyana, choncho tinaiphwasula. Pepsini anapita kuchifu, lipesi kumatumbo aang'ono. Amilesi tinamulemba kawiri, m'kamwa ndi m'matumbo aang'ono, poti kapamba nayenso amatulutsa. Ndulu aphunzitsi anailumikiza kunthambiyi ndi muvi, ndipo ambiri amagwa pamenepa: ndulu si enzaimu, imangomwaza mafuta m'timadontho. Muviwo tinausandutsa chiganizo chathunthu, apo ayi ukanatayika.

Pomaliza tinachonga nthambi iliyonse imene tasamutsa. Yotsala yopanda chizindikiro inali ya chiwindi, tinaiika pa 4, pa matumbo aang'ono.