Mawu odzidziwitsa amene ananditsegulira khomo

Pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lofunirapo ntchito, pansi pa About pomwe munthu amadzifotokozera, ndinkangolemba kuti ndine munthu wolimbikira ntchito. Olemba ntchito m'mahotela a m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi sankandiyankha, poti aliyense amalemba zomwezo. Ndinafufuta zonse n'kulemba motere:

"Ndine wolandira alendo, ndagwira zaka 3 pa loji ina ku Monkey Bay. Ndimalemba mabuku a zipinda, kulandira ndalama za Airtel Money ndi Mpamba, komanso ndimalankhula Chichewa, Chiyao ndi Chingelezi. Ndikufuna ntchito ku Mangochi kapena ku Salima."

Chiyaocho ndi chimene chinathandiza kwambiri. Bwana amene anandiimbira foni anati ogulitsa nsomba ndi ndiwo ku hotela yawo ambiri ndi Ayao, ndiye ankafuna munthu womvana nawo.